“Kodi chitseko mwakhoma?”: Kusamalira kholo lokalamba limene mtima wake suli m'malo

M'makomo ambiri momwe muli gogo, dzuwa likangopendeka mafunso amayamba. “Kodi chitseko mwakhoma?” Mwayankha kuti mwakhoma. Sipapita nthawi, funso lomwelo labweranso. “Nanga ana onse alowa? Uja wa ku Joni waimba? Mutu ukundiwawawu si bipi imeneyi?” Gogoyo sakhazikika pamkeka. Akhala, adzuka, asuzumira pazenera, apita kukagwira loko wa pachitseko, abwerera. Usiku anthu onse ali m'tulo mumamva mapazi akukhwekhwereza m'nyumba, ndipo pofika tambala woyamba munthu wamkuluyo ali maso gwa, akuitana dzina lanu.

Achibale amatanthauzira zimenezi mosiyanasiyana. Ena amati ndi ukalamba basi, munthu akakula amabwerera ku umwana. Ena amati agogo ayamba kuvuta dala kuti aziwasamala kwambiri. Ena, ndipo awa ndiwo oopsa, amayamba kunong'onezana kuti munthu woyenda usiku ali ndi zake. Koma kawirikawiri chimene chikuchitika ndi nkhawa yopitirira muyeso, matenda enieni amene achipatala amawadziwa ndipo ali ndi chithandizo chake. Vuto ndi lakuti munthu wachikulire sanena kuti ali ndi nkhawa. Amati mtima ukuthamanga, m'mimba mukutentha, thupi lonse likunyerenyetsa, tulo sakutiona. Nkhawayo imatulukira m'thupi, m'miyendo yosakhazikika ndi m'mafunso osatha.

Chimene ndikufuna owerenga amvetse n'chakuti yankho lanu, ngakhale likhale loona chotani, silichiza funsolo. Chofunika ndi kupeza chimene chikulidzutsa, ndipo kufufuzako kumayambira m'thupi.

Yambani mwafunsa kuti zinayamba liti

Munthu amene moyo wake wonse anali wodera nkhawa, amene ana akachedwa kumunda ankaima panjira kudikira, akakalamba nkhawayo ikhoza kukula, makamaka akafedwa kapena akasamutsidwa pakhomo pake. Zimenezi zimakula pang'onopang'ono, pa miyezi. Koma ngati kholo lanu linali lodekha kuyambira kale, ndiye mantha n'kuyamba kumene pa zaka 70 kapena 80, pamafunika kukayikira kuti pali china. Nkhawa yoyamba kumene muukalamba nthawi zambiri imakhala ndi chiyambi chake m'matenda a m'thupi, m'mankhwala amene munthu akumwa, m'matenda okhumudwa, kapena ndi chizindikiro choyambirira cha matenda oiwalaiwala.

Pali kusintha kumodzi kumene sikudikira mawa. Ngati gogo amene dzana anali bwinobwino lero wasokonezeka, sakudziwa kuti ali kuti, akulankhula zosagwirizana, akuona zinthu zimene ena sakuziona, m'mawa akuoneka wabwinoko koma madzulo wabalalikiratu, kapena wangoti zii kuwodzera tsiku lonse, imeneyo si nkhawa wamba. Ndi kusokonezeka kwa mutu kwadzidzidzi, ndipo kumasonyeza kuti thupi ladwala: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kutsika kwa shuga, mkodzo wotsekeka, ngakhale kudzimbidwa kwa masiku angapo. Okalamba amatha kudwala matenda aakulu thupi osatentha n'komwe. Munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati mantha abwera pamodzi ndi ululu wa pachifuwa, kubanika, kukomoka, kupotoka kwa kamwa kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi.

Ngakhale zitayamba pang'onopang'ono, thupi lifufuzidwebe. Munthu amene mtima wake wafooka amabanika akagona chagada, ndiye amadzidzimuka usiku ali wefuwefu ndi mantha a imfa. Mudzaona kuti amakonda kugona chokhala ndipo mapazi amatupa. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala ake koma chakudya chamadzulo wangolawa, shuga amatha kumutsikira pakati pa usiku, n'kudzuka akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira chimathamangitsa mtima, kuwondetsa munthu ndi kumusowetsa tulo. Abambo achikulire ambiri amadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi chifukwa cha kutupa kwa kachiwalo ka pakhosi pa chikhodzodzo. Nyamakazi nayo imalanda tulo, ndipo makolo athu ambiri sadandaula ululu pokhapokha mutawafunsa mwachindunji.

Kusakhazikika kwenikweniko kuli ndi mitundu. Ena amamva kunyerenyetsa kapena kukoka mkati mwa miyendo akangogona, ndipo kumaleka akadzuka n'kuyenda. Kumeneku nthawi zina kumayenderana ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Ena sakhazikika chifukwa cha mankhwala amene anapatsidwa kuti awakhazike mtima pansi kapena kuti aletse kusanza, monga haloperido ndi metokulopulamaidi. Munthuyo amangopondaponda pamalo amodzi, kukhala pansi kukumukanika. Banja likaona choncho limaganiza kuti mankhwala achepa, pomwe mankhwalawo ndiwo abweretsa vutolo. Mankhwala a mphumu monga salibutamo, komanso puledinisoloni, nawonso amatha kuthamangitsa mtima ndi kuthawitsa tulo. Ndipo bambo amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasamukira kwa mwana wake kumene mowa saulola, amatha kuyamba kunjenjemera, kuchita mantha ndi kusowa tulo m'masiku oyambirira. Kusiya mowa mwadzidzidzi chonchi kumatha kufika pokomoka, choncho kumafunika achipatala.

Maso ndi makutu musawaiwale. Gogo amene ali ndi ng'ala, chisisira chikagwa amaona zithunzithunzi zokha, ndipo chovala chopachikidwa pamsomali chimasanduka munthu woima pakona. Wosamva bwino amaona anthu akuseka koma osamva chimene akuseka, n'kuyamba kuganiza kuti akunena iye. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi imene zipatala ngati cha Nkhoma zakhala zikuchita kwa zaka zambiri, ndipo kusamva kwina kumangokhala litsiro louma lotseka khutu.

Woiwala ndi wamantha safunsa mofanana

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezera, chifukwa kunja zimaoneka zofanana: funso limodzi, kakhumi. Koma pali kusiyana kumene kumasintha kayankhidwe konse. Munthu wa matenda oiwalaiwala amafunsanso chifukwa yankho lija silinakhale m'mutu. Kwa iye aka n'koyamba kufunsa. Munthu wa nkhawa yankho amalikumbuka bwinobwino, koma silinamukhazike mtima pansi. Mudzamva akunena kuti, “Ndikudziwa mwanena kuti mwakhoma, koma mwaonetsetsa?”

Mukhoza kuyesa mwaulemu, osati ngati mukufunsa mwana wa sukulu. Funso likabweranso, nenani modekha kuti, “Amayi, paja tinati chiyani za chitseko chija?” Akayankha kuti, “Unati wakhoma, koma mtima wangawu sukuvomera,” mwadziwa kuti nzeru zilipo, chavuta ndi mantha. Akakuyang'anani modabwa n'kunena kuti simunakambirane chilichonse, ndipo mwaonanso kuti amasochera panjira yodziwika, amaiwala mphika pamoto, ndalama sakuzizindikira, kapena mayina a zidzukulu akuwasokoneza, pitani nawo akapimidwe za kuiwala. Mukatsimikiza zimenezo musabwerezenso kuwayesa, chifukwa kumangowachititsa manyazi. Dziwaninso kuti ziwirizi zimatha kukhalira limodzi. Munthu amene wayamba kuzindikira kuti mutu wake sukugwira ngati kale amachita mantha, ndipo mantha akewo ndi omveka.

Kwa woiwala, yankhani mwachidule, ndi mawu omwewo nthawi iliyonse, kenaka mutembenuzire maganizo ake ku china. Kumuuza kuti “ndakuuzani kale” n'kumulanga pa mlandu umene sakuudziwa. Kwa wa nkhawa nkhani ndi ina. Yankho lililonse limamupatsa mpumulo wa mphindi zochepa, kenaka kukayika kumabwerera, ndipo mtima umaphunzira kuti njira yokha yopezera mpumulo ndi kufunsanso. Zili ngati kukanda mphere: pokanda pamakoma, koma kuyabwa kumabwerera mwamphamvu ndipo khungu likunka linyuka. N'chifukwa chake mwana wachikondi amene amayankha kamakumi atatu pa usiku umodzi, kulumbira, kufotokoza, kudzuka kukawaonetsa loko, amadabwa kuti mafunso akuchuluka m'malo mochepa. Koma kukalipa kapena kungokhala chete nakonso kumakulitsa mantha, poti tsopano gogoyo akuopanso kuti watopetsa anthu ndipo amutaya. Njira ili pakati: yankhani funsolo kamodzi momveka bwino, ndipo likabweranso muyankhe mantha amene ali kuseri kwake.

Tione mmene zingayendere pakhomo

Tiyerekeze mayi wa zaka 76, wamasiye, amene ana ake amuchotsa kumudzi ku Dedza n'kumubweretsa kwa mwana wake wamkazi ku Kawale mu Lilongwe. Bambo anamwalira chaka chatha. Mayiwa ali ndi bipi ndipo amamwa mankhwala ake. Papita miyezi itatu tsopano akudzuka 2 koloko usiku, kuyendayenda, kufunsa za chitseko, za mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni, ndi za nyumba imene anaisiya kumudzi.

Choyamba chimene mwana wawoyo angachite ndi kugula kope la sukulu n'kulemba kwa sabata ziwiri: nthawi imene amayi agona, imene adzuka, tulo ta masana, makapu a tiyi ndi nthawi yake, nthawi ya mankhwala, ndi nthawi imene mafunso achuluka. Kopelo limaonetsa zimene munthu wotopa sangazione. Tinene kuti laonetsa izi. Amayi amalowa m'chipinda 7 koloko madzulo monga ankachitira kumudzi. Akadya nsima ya masana amagona maola awiri, poti m'tauni mulibe munda, mulibe mbuzi, ndipo aliyense amawaletsa kugwira ntchito. Tiyi amamwa makapu atatu, komaliza 6 koloko madzulo. Mankhwala a bipi, amene ndi a mtundu wokodzetsa uja, amawamwa madzulo chifukwa ndi nthawi imene mwana wawo amafika kuchokera ku ntchito n'kuwakumbutsa. Ndipo mafunso amafika pachimake kuyambira chisisira, makamaka masiku amene magetsi azima.

Tawerengani maolawo. Kuchoka 7 koloko madzulo kufika 2 koloko usiku ndi maola 7, kuphatikizapo awiri a masana akwana 9. Munthu wachikulire amafunika tulo ta maola pafupifupi 7 kapena 8. Mayiwa sakusowa tulo kwenikweni. Tulo tawo tatha nthawi imene anzawo onse ali pakati pa tulo, ndipo atsala okha mumdima ndi maganizo awo kwa maola anayi. Nkhawa imakula bwino nthawi yotereyi. Kuwapatsa mankhwala ogonetsa pamenepa n'kulimbana ndi vuto limene palibe.

Zosintha zake n'zooneka zazing'ono. Nthawi yogona isunthidwe pang'onopang'ono, theka la ola pa masiku angapo alionse, mpaka ifike cha m'ma 9 koloko, ndipo kuti zitheke madzulowo pakhale chochita: kucheza, kumvera wailesi, kusankha nyemba za mawa pamodzi ndi zidzukulu. Kudzuka kukhale nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku unali woipa. M'mawa atuluke panja aothere dzuwa ndi kuyenda, kaya n'kuperekeza mdzukulu kukafika pamsewu, chifukwa kuwala kwa m'mawa ndiko kumawongolera thupi kuti lidziwe usana ndi usiku. Tulo ta masana tisapitirire theka la ola ndipo tithe isanakwane 3 koloko. Tiyi asaletsedwe, poti kumulanda gogo tiyi ndi nkhondo yosafunika, koma akhale wa m'mawa. Mphamvu ya tiyi, khofi ndi zakumwa za kola imakhala m'thupi maola ambiri, ndipo mwa okalamba imachedwa kutha. Madzulo alandire kaphala kapena mkaka wofunda. Za mankhwala okodzetsawo, afunse adokotala kapena anamwino ngati angasunthidwire m'mawa, ndipo kawirikawiri ndi nthawi imene amayenera kumwedwa. M'chipinda mukhale kanyale ka sola koyaka usiku wonse, ndowa pafupi ndi bedi, ndi njira yopanda zopunthwitsa.

Tsopano chitseko. M'malo moti mwana azikhoma yekha n'kumayankha mafunso, amayi apatsidwe udindowo. Nthawi yogona ikakwana, awiriwo ayendere limodzi zitseko ndi mazenera kamodzi kokha, amayi akhome ndi dzanja lawo, kiyi amuike pamalo amene angamuone ali pabedi. Akafunsa koyamba, yankho likhale lalifupi: “Mwakhoma nokha, Amayi, kiyi ndi uyo.” Akafunsanso, mwanayo asayambe kufotokoza za maloko. Akhale pambali pawo, awagwire dzanja, anene kuti, “Ndikuona mtima wayambanso kuthamanga. Za chitseko tathana nazo. Ndikhala nanu pano mpaka utsike.” Kenaka apume nawo limodzi, kukoka mpweya powerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo. Mwanayo azipuma momveka kuti amayi atsatire, osati kuwalamula. Ngati ndi anthu opemphera, pemphero kapena nyimbo imene anaizolowera kuyambira utsikana imagwira ntchito yomweyo. Cholinga n'chakuti aone okha kuti mantha amakwera kenaka n'kutsika popanda kukagwiranso loko. Masiku oyamba mafunso akhoza kuchuluka, ndipo aliyense m'nyumbamo ayenera kuyankha mofanana, apo ayi amayi adzangosamukira kwa amene amayankha kamakumi atatu uja.

Za mwana wa ku Joni, vuto ndi kusadziwa tsiku limene adzaimbe. Iye amaimba akapeza mpata, mwina kawiri pa sabata, mwina sabata zitatu zii. Kwa mayi amene amamva pa wailesi za kuzunzidwa kwa alendo m'dzikomo, tsiku lililonse lopanda foni ndi tsiku la maliro. Apemphedwe kuti aziimba tsiku limodzi lodziwika, tinene Lamlungu 4 koloko, ngakhale kwa mphindi zisanu, ndipo akalephera atumize mawu nthawiyo isanakwane. Tsikulo lizungulizidwe pa kalendala ya pakhoma. Kuimba kodziwika nthawi kumakhazika mtima pansi kuposa kuimba kawirikawiri kosadziwika.

Funso la nyumba ya kumudzi ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa si mantha onse amene ali opanda maziko. Mayi amene akufunsa tsiku ndi tsiku ngati denga silinasasuke mwina akufunsa zina: kodi munda wanga alanda? Kodi ndidzabwererako? Kodi ndikafa mudzandiika pafupi ndi bambo anu? Ana timathawa mafunso amenewa. Timati, “Musamalankhule zotero, Amayi,” poganiza kuti tikuwatonthoza, pomwe tawatsekera pakamwa, ndipo nkhani yotsekeredwa masana imatuluka usiku. Ndi bwino kupatula mphindi 15 kapena 20 masana, nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, yongomvetsera zimene zikuwadetsa nkhawa. Zimene zingatheke zichitidwe: wachibale ajambule nyumbayo atumize chithunzi, za munda zikambidwe ndi eni mbumba ndi amfumu, tsiku lokacheza kumudzi likhazikitsidwe ndipo lisungidwe. Zimene sizingatheke zingomvedwa. Ndiye nkhawa ikabwera pakati pa usiku pamakhala ponena kuti, “Imeneyo tiisunge, tikambirana mawa tikatha kudya,” ndipo amayi amadziwa kuti si bodza.

Ntchito nayo ibwezedwe m'manja mwawo. Mayi amene walera ana asanu ndi awiri, n'kumauzidwa kuti “khalani pansi, mupume” kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amamva kuti watha ntchito. Kuswa mtedza, kusenda nkhwani, kuthirira kadimba ka kuseri kwa nyumba, kupita ku mapemphero a amayi pakati pa sabata, zonsezi zimatopetsa thupi moyenera ndi kudzaza maola amene nkhawa ikanadzaza.

Pakatha mwezi kapena iwiri, chimene banja lotere lingayembekezere si kuchira kotheratu. Mwina amayi azidzuka 4 koloko m'malo mwa 2, mafunso a chitseko atsike kufika pa awiri kapena atatu, ndipo sabata ya maliro a wachibale zonse zibwerere mwakale kwa masiku angapo. Kumeneko ndi kupita patsogolo ndithu. Kopelo lipitirire kulembedwa, chifukwa munthu wotopa amakumbukira usiku woipa wokha.

Mankhwala: amene amathandiza ndi amene amagwetsa

Banja likatopa, chiyeso chachikulu ndi kukagula mankhwala ogonetsa. Dayazepamu, amene ambiri amamudziwa kuti valiyamu, amagonetsadi usiku woyamba. Koma mwa okalamba amakhalitsa m'thupi mpaka tsiku lotsatira ndi kupitirira, amabweretsa chizungulire, amawonjezera kuiwala, ndipo gogo wodzuka usiku kukataya madzi ali dzandidzandi amagwa. Kuthyoka kwa fupa la m'chiuno pa msinkhu umenewu kumagoneka munthu pamphasa, ndipo ambiri sadzukanso. Pakangopita sabata zochepa thupi limawazolowera, moti akasowa mantha amabwera oposa poyamba. Piritoni, amene anthu amapatsana ngati wogonetsa, nayenso amasokoneza mutu wa okalamba, kuumitsa m'mimba ndi kutseka mkodzo. Ngati kholo lanu lakhala kale likumwa dayazepamu kwa nthawi yaitali, musalisiyitse mwadzidzidzi, chifukwa likhoza kukomoka; achipatala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono.

Mankhwala amene madokotala amakonda kupereka pa nkhawa yokhalitsa ndi a gulu lomwe limachizanso matenda okhumudwa, monga fuluokisetini. Sagwira tsiku lomwelo. Amatenga sabata ziwiri mpaka zisanu ndi imodzi, ndipo masiku oyambirira munthu amatha kumva nseru kapena kusakhazikika kowonjezereka. Mabanja ambiri amawasiya pa sabata yoyamba poganiza kuti akulitsa matenda. Kwa okalamba amayamba ndi mlingo wochepa, ndipo akayamba kuthandiza amamwedwa kwa miyezi, osati kusiyidwa tsiku limene munthu wapeza bwino. Gogo akayamba kufooka kwambiri, kusokonezeka kapena kugwa ali pa mankhwalawa, abwerere kuchipatala msanga, poti nthawi zina amatsitsa mchere wa m'magazi, makamaka mwa amene akumwanso okodzetsa. Amitiriputilini, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, amathandiza ena, koma mwa okalamba amafuna kusamala chifukwa amabweretsa chizungulire poimirira ndipo sagwirizana ndi matenda ena a mtima.

Nkhawa ya okalamba kawirikawiri imayenda ndi kukhumudwa. Mukaona kuti chakudya sakuchifuna, akuwonda, zimene ankakonda sazilabadiranso, ndipo akunena mawu ngati “ndangokhala mtolo kwa inu” kapena “bola ndikanatsatira bambo anu”, musawadule mawu. Afunseni mosabisa ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, musawasiye okha, chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi osungidwa, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Poyambira ndi chipatala chanu chaching'ono kapena cha boma, kumene mungafunse anamwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Chithandizo chapadera chimapezeka ku Gulupu mu Blantyre, ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene kulinso uphungu wa kukambirana. Uphungu umenewu umathandiza okalamba monga umathandizira achinyamata.

Kunja kwa mpanda, ndi amene akusamalayo

M'dziko muno gogo woyenda usiku ali pa ngozi ina imene si ya matenda. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphenzi imene inapha mtsikana wina, ndipo nkhani zotere sizinathe. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa pamene khamu lasonkhana kale. Ngati kholo lanu limatuluka panja usiku, musabise. Uzani anansi, amfumu ndi akulu a mpingo kapena a mzikiti kuti likudwala, likulandira chithandizo, ndipo akaliona alibweze kunyumba. Mangani kabelu kapena zitini pachitseko kuti mumve chikatseguka. Kumangirira munthu pabedi kapena kumutsekera yekha m'chipinda ndi nkhanza, kumakulitsa mantha, ndipo moto ukabuka sangathawe. Kumbukiraninso kuti okalamba amamva nkhanizi pa wailesi. Mayi wamasiye amene akufunsa kuti “anthu akunena chiyani za ine?” mwina wamvadi kanthu, ndipo funso limenelo lifufuzidwe musanalitche nkhawa.

Katundu yenseyu kawirikawiri amagwera munthu mmodzi, mwana wamkazi kapena mpongozi, amene m'mawa ayeneranso kupita ku ntchito kapena ku geni. Munthu amene wadzutsidwa usiku uliwonse kwa miyezi amafika pokalipa, ndipo gogo wa nkhawa amamva kusintha kwa mawu msanga kuposa wina aliyense, n'kuwonjezera mafunso. Choncho tulo ta wosamalayo ndi mbali ya chithandizo cha wodwalayo. Abale agawane mausiku, kuti wosamala apeze mausiku awiri pa sabata ogona osadzutsidwa. Amene ali kutali, ku Joni kapena ku Ulaya, ndalama imene amatumiza ikhoza kulipira munthu wodalirika wogona nawo agogo masiku ena, m'malo mongoimba foni kufunsa chifukwa chimene amayi akuwondera. Chimene chingapewedwe ndi kusamutsa gogoyo mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo. Kumaoneka kugawana kwachilungamo, koma nyumba yatsopano iliyonse imayambitsanso mantha. Ndi bwino osamala azisinthana, wodwalayo akhale pamodzi.

Ngati zimene zafotokozedwa pano zikuchitika kwanu, yambani kope lija usiku uno, ndipo sabata ziwiri zikatha pitani nawo kuchipatala ngakhale iwo akunena kuti sakudwala. Tengani kopelo, buku lawo la kuchipatala, ndi mankhwala onse amene akumwa m'jumbo imodzi: a kuchipatala, ogula pa golosale, opatsidwa ndi anansi, ndi azitsamba omwe. Pempheni kuti awayeze bipi, shuga, magazi ndi mkodzo, awamvere mtima, ndipo muwauze adokotala momveka kuti zinayamba liti komanso ngati amayi kapena abambo amakumbukira mayankho anu. Mukalowa m'chipindamo, alekeni ayambe afotokoza okha, inu muwonjezere pambuyo.